Akuti zonse anakonza, koma mafomu ndi 18 pomwe sisitemu ikuonetsa zosintha 31: nditseke kweri kapena ayi?

Chisomo: Moni nonse. Ndikupempha nzeru, chifukwa komiti ya oditi ikumana Lachinayi sabata yamawa ndipo sindikudziwa cholemba. Ndimagwira ntchito ya oditi yamkati pakampani ina yogulitsa katundu wambiri kuno ku Lusaka. Mu Malichi tinalemba kweri, kutanthauza vuto lomwe oditi yapeza, yakuti akaunti ya kubanki ya sapulaya imatha kusinthidwa ndi munthu mmodzi, kungotengera kalata kapena imelo, popanda wina wotsimikiza. Tinaiika pa mlingo wapamwamba. A zachuma analonjeza zinthu zitatu pofika 30 Juni: fomu yosinthira akaunti, kuimbira foni sapulaya kuti atsimikize, ndi munthu wachiwiri wovomereza. Pa 2 Julayi ananditumizira ndondomeko yosainidwa ndi mkulu wawo, nati tsekani. Ine ndinati ndidzabwera kudzaona. Sabata ino ndapita, andipatsa faelo ya mafomu 18, kuyambira Julayi mpaka Okutobala, onse osainidwa bwinobwino. Mkulu wa zachuma wandiimbira kawiri lero kufunsa ngati ndatseka. Kodi pali china chomwe ndiyenera kuona ndisanatero?

Yohane M.: Ine ndikuona kuti mutseke. Analonjeza fomu, fomu ilipo. Analonjeza siginecha yachiwiri, ilipo pa onse 18. Tikayamba kuwonjezera zofuna zathu iwo atachita kale zomwe tinagwirizana, mawa sadzavomeranso kulonjeza kanthu.

aSakala: Mwana wanga Chisomo, ndikufunse funso limodzi tisanapite patali. Nambala ya 18 imeneyi wakuuza ndani? Ngati yachokera mufaelo yomwe akupatsa, ndiye waona zokhazo zomwe zinadutsa panjira yoyenera. Zomwe zinalambalala fomu sizingakhale mufaelo ya mafomu. Pita kwa anthu a makompyuta, akutulutsire mndandanda wa kusintha konse komwe kunachitika pa malo olembapo akaunti ya kubanki ya masapulaya, kuchokera pa 1 Julayi mpaka lero. Pakhale tsiku, dzina la wosintha, nambala yakale ndi nambala yatsopano. Ndipo uimirire pomwepo pamene akutulutsa, uone masiku omwe alemba posankha. Ukatero uyambire pa mndandandawo kupita kufaelo, osati kuchokera kufaelo kupita ku sisitemu.

Tiyanjane: Kuwonjezera pa zomwe anena aSakala, funsaninso ngati kaundula wa zosinthayo anali woyatsa nthawi yonseyi. Masisitemu ena salemba kusintha kwa malo amenewo pokhapokha wina atawauza kutero. Mukapeza mwezi wathunthu wopanda mzere ngakhale umodzi, musafulumire kusangalala. Yerekezani ndi mafomu: ngati pali fomu ya mu Ogasiti koma mu sisitemu Ogasiti mulibe kanthu, ndiye mndandandawo ndi woperewera.

Chisomo: Zikomo. Ndipita m'mawa.

Chisomo: Ndabwerako. Mizere ndi 31. Mafomu onse 18 ndawapeza mu mndandanda, ndiye mbali imeneyo ili bwino, aTiyanjane. Yotsala ndi 13. Mwa imeneyi, 4 ndi kukonza nambala yomwe inalembedwa molakwika tsiku lomwelo, pa sapulaya yemwe ali ndi fomu kale, ndipo nambala yomaliza ikufanana ndi ya pafomu. Ina 5 anangosintha khodi ya nthambi ya banki, nambala ya akaunti osaikhudza. Yotsala 4 ndi kusintha kwenikweni kwa nambala ya akaunti, ndipo fomu palibe. Yonse 4 inachitika m'masiku atatu omaliza a Seputembala, ndipo wosintha ndi munthu yemwe ndondomeko imati akhale wovomereza. Ndaona malipiro, masapulaya anayiwo alandira K412,000 pamodzi kuchokera nthawi imeneyo. Mtima wanga suli m'malo.

Mai Daka: Ndilankhuleko ngati munthu wa mbali inayo, chifukwa ine ndakhala pampando wa zachuma zaka zambiri ndipo ma oditala amabwera kwa ine. Kumapeto kwa mwezi, wolemba akakhala patchuthi kapena ali kumaliro, masapulaya ali pakhomo, galimoto sizipakira katundu mpaka ndalama ilowe, munthu amachita zomwe angathe. Sindikunena kuti n'zoyenera. Ndikungoti musanalembe mawu olemera, mufunse chinachitika n'chiyani sabata imeneyo. Nthawi zambiri si kuba, ndi kusowa kwa munthu wogwirizira.

aSakala: Mai Daka, mwanena zoona, ndipo Chisomo afunsedi. Koma taonani chomwe yankho lanulo likutiuza. Ngati chifukwa chake ndi tchuthi, ndiye kuti chitetezochi chimagwira ntchito masiku omwe anthu onse alipo, ndipo chimagwa tsiku lomwe ofesi yapanikizika. Wakuba wotumiza kalata yabodza yosintha akaunti amasankha tsiku lomwelo, kumapeto kwa mwezi, ndi mawu akuti fulumirani. Kweri ya mu Malichi inkati munthu mmodzi akhoza kusintha akaunti yekha. Lero munthu mmodzi akhozabe, ndipo wachita kanayi. Pamenepo palibe chotseka.

Ndipo Chisomo, usanalembe chilichonse, pali chachangu kuposa lipoti. Masapulaya anayiwo aimbiridwe lero, pa nambala zomwe zinali mu sisitemu kusinthako kusanachitike, kapena za pamgwirizano wakale, afunsidwe ngati anasinthadi banki ndiponso ngati ndalama analandira. Uuze mkulu wako wa oditi tsopano lino, usadikire Lachinayi. Malipiro ena kwa anayiwo aime kaye.

Yohane M.: Chabwino, pa 4 amenewo ndagonja. Koma mfundo yanga ikadalipo. Zomwe analonjeza anachita: fomu, foni, wovomereza. Bwanji osatseka kweri yakale n'kutsegula yatsopano yonena za kusatsata ndondomeko? Kwathu timatero, ndipo kaundula wa makweri amaoneka kuti akuyenda.

aSakala: Njira imeneyo ndimaidziwa, aYohane, ndipo ndinaigwiritsapo ntchito ndili wamng'ono. Vuto lake ndi lakuti imafufuta zaka za nkhani. Kweri yomwe yakhala miyezi isanu ndi itatu imabadwanso ngati khanda, ndi tsiku latsopano lomalizira, ndipo komiti ikaona lipoti imawerenga kuti nkhani yaikulu imodzi yatha. Anthu a komiti amakumana kanayi pachaka, sadziwa za mizere 31. Akamva kuti yatsekedwa amamva kuti ndalama ya kampani singapitenso ku akaunti yolakwika mwa njira imeneyi. Kodi Chisomo angaime pamaso pawo n'kunena zimenezo?

Ine ndimatsegula yatsopano pokhapokha chomwe ndapeza chili ndi muzu wina. Mwachitsanzo, nditapeza kuti akaunti zikusinthidwa bwino koma faelo ya malipiro yopita kubanki imatha kukonzedwa ndi dzanja isanatumizidwe, imeneyo ndi nkhani ina. Koma apa muzu ndi womwewo.

aNjobvu: Ife kuboma nkhani yotseka kweri sitiivutikira chonchi, chifukwa sitseka ndife. Lipoti la Oditala Jenerali likapita ku Nyumba ya Malamulo, komiti yoona za ndalama za boma imaitana oyang'anira maunduna, ndipo ndi komitiyo imanena kuti nkhani itsekedwe. Kawirikawiri imati itsekedwe oditala akatsimikiza kaye zikalata. Zomwe sizinathe zimapitirira chaka ndi chaka pa mndandanda wa zotsalira. Ine ndili ndi imodzi ya malisiti a mafuta omwe anasowa, yakhala zaka, munthu amene anatenga ndalamayo anapuma ntchito kalekale. Imeneyo ndingaitani?

Mai Daka: aNjobvu, yanuyo ndi ya oditi yakunja, ya Chisomo ndi yamkati, wotseka ndi mkulu wa oditi wapakampani pomwepo. Komabe mawu omwe mwatchulawo, akuti oditala atsimikize kaye, ndi omwewo akunena aSakala.

aSakala: Eya. Ndipo yanuyo aNjobvu ndi mtundu wina: ndi ndalama yomwe iyenera kubwezedwa kapena kufafanizidwa ndi amene ali ndi mphamvu yotero, ndiye umboni wake ndi lisiti la kubweza kapena chilolezo cholembedwa. Ya Chisomo ndi chitetezo chomwe chiyenera kugwira ntchito mobwerezabwereza, ndiye pepala limodzi silikwanira. Tiitsegulire yanuyo ulusi wake tsiku lina, ndi yaitali.

Chisomo: Ndauza abwana anga, malipiro aimitsidwa, ndipo tayamba kuimba. Koma ndabwereranso ku mafomu 18 aja ndi maso ena. Pafomu pali polemba nambala ya foni yomwe anaimba. Pa 3, nambala imeneyo ndi yomwe ili pakalata yopempha kusinthayo, si yomwe inali mu sisitemu. Ndondomeko yawo imangoti imbani sapulaya, sinena kuti nambala muitenge kuti.

Tiyanjane: Ameneyo ndiye msampha weniweni. Kalata ikakhala yabodza, nambala ya pakalatayo imayankhidwa ndi wolemba kalatayo, ndipo adzakutsimikizirani mwaulemu kwambiri. Onaninso ngati nambala ya foni kapena imelo ya sapulaya inasinthidwa mu sisitemu masabata ochepa akaunti isanasinthidwe. Ena amayamba ndi kusintha foni, kenako akaunti, kuti mukaimba nambala ya mu sisitemu mupeze iwo omwe.

aSakala: Ndipo apa tivomereze mbali yathu. Lonjezo lakuti tidziimbira sapulaya linalandiridwa ndi a oditi mu Malichi lili choncho, lopanda kunena nambala yake. Nthawi yabwino yogwirizana za kutseka ndi tsiku lomwe mukulandira lonjezo, lipoti lisanatuluke. Ine masiku ano pa kweri iliyonse yaikulu ndimalemba chiganizo chimodzi pansi pa lonjezo, mwini nkhani n'kuchiona: tidzatseka tikadzaona chakuti, kwa miyezi yakuti, kuchokera mu mndandanda wakuti. Pa iyi ndikanalemba kuti tidzatseka sisitemu ikadzakana kuti wosintha avomereze yekha, ndipo kwa miyezi itatu yotsatizana kusintha kulikonse kwa mu sisitemu kudzakhale ndi fomu ndi foni yoimbidwa pa nambala yakale. Zikalembedwa choncho, mkangano wa aYohane wakuti mukuwonjezera zofuna sumabuka, chifukwa palibe chowonjezera.

Yohane M.: Pamenepo tagwirizana. Chomwe chimandipweteka ine ndi oditala wosintha malire mpira uli mkati. Koma miyezi itatu mwaitenga kuti? Ilipo m'miyezo ya IIA, bungwe la ma oditala amkati?

aSakala: Ayi, mulibe. Miyezo yatsopano ya IIA, yomwe inatuluka mu Januwale 2024 n'kuyamba kugwira ntchito pa 9 Januwale 2025, pa gawo 15.2 imafuna kuti titsimikize kuti manejimenti yachita zomwe inalonjeza, potsata njira yomwe ofesi yathu inakhazikitsa ndiponso molingana ndi kukula kwa chiopsezo. M'miyezo yakale inali 2500. Chiwerengero cha miyezi ndi cha ofesi yanu, muchilembe m'buku lanu la kagwiridwe ka ntchito. Ine ndimayang'ana kuti chinthucho chimachitika kangati. Apa akaunti zikusinthidwa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pamwezi, ndiye miyezi itatu ikupatsa zokwanira kuona, ndipo muli mapeto a mwezi atatu, pomwe pali vuto. Popeza ndi zochepa, usatenge sampulo, ona zonse. Zikanakhala mazana ndikanasankha 25 kapena kuposerapo, ndi kuonetsetsa kuti masiku a kumapeto kwa mwezi alimo.

Si kweri iliyonse imafuna zonsezi. Yaing'ono, monga yakuti ndondomeko inatha nthawi yake, ndikaona yatsopano yosainidwa ndimatseka ndili padesiki. Mukayesa kuyeza zonse mozama, nthawi ya oditi ina imathera pomwepo.

Mai Daka: Nanga chinthu chochitika kamodzi pachaka, monga kuwerenga katundu yense wa m'nyumba yosungiramo kumapeto kwa chaka? Ine ndinakonza malangizo mu Febuluwale, kuwerenga kotsatira ndi Disembala. Miyezi khumi yonseyi dzina langa limaoneka lofiira pamaso pa bodi ngati kuti ndakhala manja lende. Zimenezo zimandiwawa, ndipo si chilungamo.

aSakala: Si chilungamodi, ndipo kaundula wokhala ndi mawu awiri okha, `Open` ndi `Closed`, ndiye amabweretsa zimenezo. Wanga ali ndi la pakati, `Implemented - pending validation`, kutanthauza kuti mwini nkhani wachita mbali yake, chatsala ndi kuti ife tione zikugwira ntchito. Ikakhala pamenepo sindiiwerengera pa zochedwa za Mai Daka, ndipo ndimalemba mwezi womwe ndidzayeze. Ngati ndachedwa kuyeza ndine, kuchedwako n'kwanga ndipo komiti idziwe choncho.

Yohane M.: Ine pa zakamodzi pachaka ndimatseka ndikaona kuti malangizo akonzedwa bwino, kenako ndimaziika mu pulani ya oditi ya chaka chamawa. Kusunga mzere miyezi khumi sindikuona phindu lake.

aSakala: Pa zapakati ndingavomere. Pa zazikulu ayi, chifukwa pulani ya chaka chamawa imasintha, ndipo chomwe chachoka mu kaundula palibe amachikumbuka. Koma ndikudziwa akulu anzanga ena omwe amachita ngati inu.

Chisomo: Ndiye yangayi ndiibwezere ku `Open`, poti ndayeza ndipo yalephera. A zachuma apempha kuti tsiku likhale 31 Januwale, akuti kukonza sisitemu kuti ikane munthu mmodzi kufuna kampani yomwe inatigulitsa. Ndisinthe tsiku mu kaundula?

Tiyanjane: Musafufute lakale. Mu Excel yathu tsiku loyamba lili ndi danga lake lomwe ndinalitseka kuti lisasinthidwe, tsiku latsopano lili padera, ndipo pali danga lowerenga kuti asuntha kangati. Masiku ochedwa timawerengera pa loyamba:

```
=IF(G2="Closed",0,MAX(0,TODAY()-E2))
```

E ndi tsiku loyamba, G ndi pomwe nkhani ili. Tisanachite zimenezi, lipoti lathu linkaonetsa kuti zochedwa palibe, chifukwa aliyense ankasuntha tsiku sabata imodzi komiti isanakumane.

aSakala: Ndipo wosuntha tsiku la kweri yaikulu asakhale mwini nkhaniyo, kapena iwe Chisomo. Pempho lipite kwa mkulu wa kampani, komiti iuzidwe. Chinanso, funsa kuti pakati pa lero ndi 31 Januwale atchinga ndi chiyani. Sizifuna kampani ya sisitemu kuti wovomereza uja amuchotsere mphamvu yosintha, a makompyuta anu angathe lero. Sizifunanso ndalama kuti Lachisanu lililonse munthu wosakhudza masapulaya atulutse mndandanda womwe watulutsa iwewu n'kuufananitsa ndi mafomu malipiro asanapite. Atchulenso wogwirizira wolemba akachoka, monga anenera Mai Daka.

Mai Daka: Nanga akakana? Tinene kuti mkulu wa zachuma wati anthu ndi ochepa, sitingathe, tipirira nazo.

aSakala: Ali ndi ufulu wonena choncho, chiopsezo ndi cha manejimenti, si cha oditi. Koma achilembe, asaine munthu amene udindo wake ukufika pa kukula kwa chiopsezocho, ndipo mu kaundula ilembedwe `Risk accepted`, osati `Closed`, ndi tsiku lodzaionanso. Mkulu wa oditi akaona kuti chomwe avomerezacho chapitirira zomwe kampani imalola, gawo 11.5 limati akambirane ndi akuluakulu, ndipo zikakanika apite nazo ku bodi. Kale inali 2600. Pa nkhani ya akaunti za masapulaya sindikhulupirira kuti pali mkulu angasaine pepala lotero ataliwerenga. Ambiri ukawaikira patsogolo kuti asaine, amapeza munthu wogwirizira sabata yomweyo.

aNjobvu: Nanga zija 5 za khodi ya nthambi, mwaziiwala? Kwa ine nazonso n'kusintha kwa zakubanki.

Tiyanjane: Funso labwino. Zimatengera ngati khodiyo ingathe kulozera ndalama ku banki ina nambala ya akaunti ili yomweyo. Chisomo, onani ngati mbali ya khodi yosonyeza banki inasintha kapena ndi nthambi yokha, ndipo mufunse a banki yanu kuti amatani dzina ndi nambala zikasemphana.

Yohane M.: Ine sindingaziike pamodzi ndi 4 zija. Ndondomeko sinatchule khodi.

aSakala: Sindingaziwerengere ngati kulephera, koma ndingapemphe kuti fomu izikhudza malo onse a zakubanki. Tidikire zomwe apeze.

Chisomo: Nazi zomwe zilipo madzulo ano. Mwa anayi aja, atatu atsimikiza kuti anasinthadi banki ndipo ndalama analandira. Wolemba analidi kumaliro ku Katete sabata imeneyo, Mai Daka munalondola. Atatu a mafomu aja tawaimbanso pa nambala zakale, onse ali bwino. Wachinayi, yemwe analipidwa K96,500 pa 3 Okutobala, nambala yake yakale sikulowa ndipo imelo sanayankhe. Ofesi yake ili cha kumsewu wa Lumumba, abwana anga ati tipite awiri m'mawa ndi kalata yosinthirayo m'manja, tikaonetse mwini wake. Wovomereza uja amuchotsera kale mphamvu yosintha, ndaona ndekha pa sikirini. Za khodi ya nthambi sindinayambe. Mu lipoti ndalemba kuti kweri ikadali yotsegula, yachedwa kuchokera pa 30 Juni, mizere 4 mwa 22 ya kusintha kwenikweni inalibe fomu, ndipo tidzayezanso Novembala, Disembala ndi Januwale yense. Mkulu wa zachuma wapempha kuti ndichotse chiwerengero cha K412,000 poti atatu atsimikiza kale. aSakala, ndichotse?

aSakala: Usachotse, koma ulembe zonse ziwiri: K412,000 inalipidwa popanda kutsimikiza, K315,500 yatsimikizidwa pambuyo pake, K96,500 ikudikira. Mumuonetse mawuwo lipoti lisanapite, asakadzidzimuke nawo m'komiti. Mukabwerako ku Lumumba mutiuze.